Kupima kukula kwa vuto pa tsamba la pa intaneti

Pali njira yoyesera tsamba la pa intaneti imene siifuna ndalama zambiri kapena chipinda chapadera. Anthu atatu mpaka asanu odziwa ntchitoyi amakhala aliyense payekha kwa ola limodzi kapena awiri, n'kulidutsa tsambalo kawiri. Ulendo woyamba ndi wongofuna kudziwa mmene tsambalo limayendera. Wachiwiri ndi woyang'ana chinthu chilichonse mofatsa, mndandanda wa mfundo uli pambali. Njirayi anaifotokoza a Jakob Nielsen ndi a Rolf Molich mu 1990, ndipo mu 1994 a Nielsen anakonzanso mfundozo atasanthula mavuto 249 amene anapezeka m'mapologalamu osiyanasiyana. Mfundo khumi zimene zinatuluka pamenepo n'zimene ambiri akugwiritsa ntchito mpaka lero.

Mfundozo sizovuta kumva. Tsamba lizimuuza munthu chimene chikuchitika, lizilankhula mawu amene iye amawadziwa, lizimuteteza kuti asalakwitse, ndipo akalakwitsa lizimuuza momveka chimene chavuta ndi chochita. Wophunzira akhoza kuziloweza madzulo amodzi. Chimene chimandichititsa kuganiza si mfundozi ayi, koma kanambala kamene timalemba pambali pa vuto lililonse tikalipeza. Muyeso wa a Nielsen umayambira pa 0 kulekezera pa 4. Nambala 0 imatanthauza kuti si vuto n'komwe, 1 ndi chilema cha maonekedwe chabe, 2 ndi vuto laling'ono, 3 ndi lalikulu lofunika kulikonza msanga, ndipo 4 ndi ngozi yoti tsamba lisatulutsidwe isanakonzedwe. Eni tsamba nthawi zambiri sawerenga lipoti lonse. Amayang'ana manambalawa n'kuuza wokonza mapologalamu kuti ayambe ndi ati.

Tiyerekeze fomu yofunsira malo pa sukulu ya ukachenjede. Ili ndi mipata yambiri: dzina, tsiku lobadwa, boma lochokera, magiredi a MSCE phunziro ndi phunziro, kenako nambala ya foni. Wofunsira malo akulemba nambala yake mmene tonse timaitchulira, kuyamba ndi 0. Fomuyo ikufuna kuti nambala iyambe ndi `+265`, koma sinanene paliponse. Akadina `Submit`, pamwamba pakubwera mawu ofiira akuti `Invalid input`, ndipo mipata yonse imene anadzaza ija yafufutika.

Woyesa wosazolowera amalemba zimenezi ngati vuto limodzi, kuti fomu ikuvuta pa nambala ya foni. Koma apa pali mavuto atatu, ndipo ayenera kulembedwa padera chifukwa amakonzedwa padera. Loyamba n'lakuti fomu sinamuteteze munthu kuti asalakwitse: ikanatha kuonetsa chitsanzo pansi pa mpatawo, kapena kungolandira 0 uja n'kumusintha yokha. Lachiwiri n'lakuti uthenga sukunena mpata umene walakwika, ngakhale chochita. Lachitatu ndi kufufutika kwa zolembedwa. Mukawaphatikiza, wokonza adzangosintha mawu a uthengawo n'kunena kuti watha, kufufuta kuja kuli pomwepo.

Tsopano tifike pa nambala. A Nielsen amati kukula kwa vuto kumachokera pa mafunso atatu: vutolo limachitika kawirikawiri bwanji, n'lovuta bwanji kulidutsa likachitika, ndipo kodi munthu akalidutsa kamodzi ndiye kuti walidziwa, kapena lizimuvutitsabe ulendo uliwonse. Pa fomu yathuyi funso loyamba n'losavuta, poti pafupifupi aliyense adzayamba ndi 0. Lachitatu nalonso n'lomveka: amene wazindikira za `+265` sadzalakwitsanso. Pamene pagona nkhani ndi pa funso lachiwiri, chifukwa yankho lake silili pa tsamba. Lili mwa munthu amene akudzaza fomuyo.

Woyesa amene ali pa laputopu mu ofesi, intaneti yosaduka, amadzazanso fomuyo m'mphindi zochepa, mwinanso bulawuza imamukumbutsa zina zimene analemba. Kwa iye kufufutika kuja n'kokwiyitsa basi, ndipo amalemba 2. Wina amene wayesa pa foni yaing'ono, akuganizira mtsikana amene wabwereka foni ya achimwene ake n'kugula bandulo ya tsiku limodzi, amaona zina. Mtsikanayo sakudziwa kuti walakwitsa pati. Adzadzazanso zonse mosamala kwambiri, poganiza kuti mwina analakwitsa giredi, n'kulembanso nambala yomwe ija, fomu n'kufufutikanso. Bandulo ikatha, malo a sukulu aja apita. Woyesa uyu amalemba 4. Wachitatu amalemba 3.

Malangizo a njirayi amati manambala asonkhanitsidwe kuyesa kukatha. Mavuto onse amene apezeka amaikidwa pa mndandanda umodzi, woyesa aliyense n'kupatsa nambala vuto lililonse payekha, ngakhale limene iye sanalione, ndipo kenako amatenga avereji. Pali nzeru m'menemo. Munthu mmodzi amapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mavuto, pamene asanu amapeza cha m'ma 75 pa 100 alionse, ndipo nambala ya munthu mmodzi siyodalirika monga momwe ilili avereji ya atatu. Kupereka manambala payekhapayekha kumathandizanso kuti wamng'ono asangotsatira zimene wanena wamkulu, zomwe pakati pathu zimachitika mosavuta. Avereji ya 2, 3 ndi 4 ndi 3, ndipo 3 si yankho loipa.

Komabe avereji imeneyi yakwirira chinthu chofunika kwambiri chimene kuyesaku kwatulutsa, chakuti anthu atatuwa sanali kuganizira munthu mmodzi. Ine ndimakhulupirira kuti pamene manambala atalikirana ndi masitepe awiri, oyesawo ayenera kukhala pansi asanalembe lipoti, aliyense anene kuti amaona ndani akudzaza fomuyo. Cholinga si kukakamizana kuti agwirizane. Cholinga n'chakuti lipoti linene poyera kuti kwa wa laputopu vutoli ndi 2, kwa wa foni yobwereka ndi 4, kenako eni tsamba anene okha kuti ofunsira malo awo ambiri ndi ati. Iwo ali ndi njira yodziwira, chifukwa ziwerengero za alendo a pa tsamba zimaonetsa kuti angati amabwera pa foni.

Pali chizindikiro china cha lipoti lopanda thandizo, chimene chimaoneka msanga: mizere makumi angapo, pafupifupi yonse ili ndi 2 kapena 3. Batani limene pa tsamba lina ndi lobiriwira, pa lina ndi lotuwa, laphwanyadi mfundo yoti zinthu zizifanana, koma palibe amene angalephere kufunsira malo chifukwa cha mtundu wa batani. Limenelo ndi 1. Kulikweza kuti lipoti lioneke lolemera kumachititsa kuti kufufutika kwa fomu kusochere pakati pa tizilema.

Njirayi ilinso ndi malire ake. Oyesa si eni ake a vutolo; amangoyerekeza. Nthawi zina amalemba zinthu zimene ogwiritsa ntchito sazipunthwa n'komwe, ndipo amaphonya zina zimene munthu weniweni angakodwe nazo m'mphindi yoyamba. N'chifukwa chake vuto lililonse limene lapatsidwa 3 kapena 4, makamaka limene oyesa anasiyana maganizo, liyenera kuonedwanso ndi anthu enieni ochepa, pa mafoni awo, akudzaza fomuyo popanda wowathandiza.

Kwa inu amene mumalemba malipoti oterewa, pempho langa ndi ili: pamwamba pa mndandanda lembani kuti munayesa pa chipangizo chanji ndiponso mumaganizira munthu wotani, ndipo pambali pa avereji siyani manambala a woyesa aliyense kuti aoneke.