Inshuwaransi ya maliro ku banki m'khonde: miyezi yodikira isabisidwe

Wolengeza inshuwaransi ya maliro ku banki m'khonde amakonda kuyamba ndi ndalama yomwe banja lidzalandire. Za nthawi yodikira amazinena kumapeto anthu akusanzika kale, mwinanso sazinena n'komwe.

Tiyerekeze kuti membala aliyense azipereka K1,000 pamwezi, ndipo akamwalira banja lilandire K200,000. Gulu lapereka ndalama yoyamba pa 10 Januwale, pepala likuti pali miyezi isanu ndi umodzi yodikira. Membala akamwalira ndi matenda mu Epulo, banja sililandira ndalama ija, ngakhale sanaphonyepo mwezi. Akamwalira pa ngozi ya pamsewu, inshuwaransi zambiri zimalipira osadikira. Imfa ya matenda imayamba kuwerengedwa mu Julaye.

Ogulitsa ali ndi mfundo yawo. Popanda kudikira, anthu angamalembetse wodwala wawo atafika kale pa kayakaya, kampani n'kulipira K200,000 italandira K1,000 yokha. Zikatero mtengo umakwera kwa aliyense. Amaopanso kuti ukayamba ndi mawu akuti "simudzalandira", anthu amanyamuka usanafike pa ubwino wake. Manthawo ndi omveka, chifukwa mamembala a banki m'khonde anazolowera kuti ndalama yomwe aponya m'bokosi amadzaionanso pogawana, pamene ya inshuwaransi sibwerera ngati sipanagwe zovuta.

Koma taganizani za tsiku lomwe tcheyamani adzapite kusiwa chimanjamanja. Kampani ili kutauni, ofedwa adzaloza chala iye ndi mlembi, amene anatolera ndalamazo. Kukayikirana kukalowa pamenepo, masheya nawo amayamba kuchepa. Munthu amene wakana kulowa atamva zonse salipweteka gulu ngati amene analowa asakudziwa.

Choncho wolengeza atchule tsiku lenileni: "Amayi ndi abambo, wina akatisiya chifukwa cha matenda lisanafike tsiku la 10 Julaye, kampani sipereka kanthu. Ikakhala ngozi, ipereka." Mlembi alembe tsikulo m'buku la gulu, ndipo mamembala awiri kapena atatu abwereze m'mawu awoawo. Akasemphana, ndiye kuti uthenga sunamveke.

Pali funso lina limene ogulitsa sakonda. Membala akalephera kulipira mu Febuluwale, njala ili pachimake, amapatsidwa masiku angati? Ambiri sadziwa kuti inshuwaransi ikaduka, pobwerera akhoza kuyambiranso kudikira. N'chifukwa chake ndimaona kuti kulipira chaka chonse pa tsiku logawana, K12,000 kamodzi, n'kwanzeru, ngakhale kuti kumaluma m'thumba nthawi yogula feteleza.

Kudikirako sindikukutsutsa. Koma gulu lisasaine wogulitsa asanaonetse pepala lonena ngati ndalama zoperekedwa kale zimabwezedwa munthu akamwalira m'miyezi imeneyo, ndipo lisatseke thumba lake la zadzidzidzi, chifukwa mpaka Julaye ndi thumba lomwelo lomwe lidzagule bokosi.