Buku la Zophikaphika M'katundu wa Mwana wa Ulendo

Msewu wochokera ku Blantyre umene umadzera pa boma la Mwanza kukalowa m'dziko la Mozambique pa Zobue watenga ana athu ambiri. Ena mwa iwo ndi ophunzira amene apeza malo m'masukulu a ukachenjede a ku South Africa. Amadutsa ku Tete, nalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, naoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge. Makolo amawakonzera chiphaso, zovala ndi kamba wa panjira. Koma ndi makolo angati amene amafunsa kuti mwanayo akakhala yekha m'kachipinda ka lendi, ndi mphika umodzi ndi mbaula imodzi ya magetsi, azikadya chiyani mwezi wathunthu? Ife tikuti buku la zophikaphika liyenera kukhala m'katundu wake, ndipo buku lopambana onse ndi limene alembe yekha asananyamuke.

Mabuku ophunzitsa kuphika ndi ndalama zochepa alipo, ndipo sitikuwanyoza. M'chaka cha 1961 mayi Katharine Whitehorn wa ku Mangalande anatulutsa buku limene pambuyo pake linadziwika ndi dzina loti Cooking in a Bedsitter. Analembera munthu wokhala m'chipinda chimodzi chopanda khitchini, ndipo nzeru yake yaikulu ndi ya kuphika pa moto umodzi, kudziwa choyamba kutereka ndi chotsiriza. M'chaka cha 1976 mayi Doris Janzen Longacre wa ku Amereka anatulutsa More-with-Less Cookbook, buku lolimbikitsa kudya nyemba ndi zakudya za m'gulu la chimanga, n'kuchepetsa nyama ndi shuga. Mwana wa ku Mwanza sangadabwe ndi chiphunzitso chimenechi, poti ndi mmene amadyera kwawo. Kuno kwathunso kuli The Malawi Cookbook, lolembedwa ndi Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, limene linatuluka m'chaka cha 1974. Ndi la m'Chingerezi, koma muli zakudya zathu, ngakhale inswa ndi dzombe.

Komatu palibe ngakhale limodzi mwa mabuku atatuwa limene linalembedwera mwana wa kwa Nthache wokhala yekha ku Joni. Awiri oyambawo analembedwera anthu osadya nsima. Lachitatulo linalembedwera munthu wophika ali kuno, kumene msika wa nkhwani ndi nsinjiro uli pafupi. Pamwamba pa izi, mabuku ambiri a mtundu umenewu amayesa chakudya cha banja la anthu anayi, amaganiza kuti wowerenga ali ndi uvuni ndi sikelo, ndipo mitengo imene amatchula ndi ya chaka chimene analembedwa. Wogula buku atsegule masamba khumi aone: ngati maphikidwe ochuluka akufuna uvuni, kapena akufuna zokometsera zisanu zimene alibe, alisiye pomwepo. Adziwenso kuti pochepetsa maphikidwe a anthu anayi, zouma zimagawidwa panayi, koma madzi ndi nthawi sizigawidwa chomwecho. Nyemba zochepa zimatenga nthawi yomweyo kuti zipse, ndipo madzi ochepa amaphwa msanga, mphika n'kupserera.

N'chifukwa chake tikuti mwana atenge kope wamba, akhale pa khitchini ndi amayi ake kapena azakhali kwa sabata ziwiri, nalemba. Amayi athu amayesa ndi maso ndi dzanja, ndipo muyeso umenewo sukwera basi. Tsono mwana asankhe kapu imodzi ya mamililita 250, ayese nayo chilichonse chimene amayi akuthira, ndipo kapuyo apite nayo pamodzi ndi mthiko ndi chipande.

Tsamba loyamba likhale la nsima. Ya munthu mmodzi imafuna kapu imodzi ya ufa, imene imalemera pafupifupi magalamu 150, ndi makapu awiri ndi theka a madzi. Madzi akangofunda athiremo gawo limodzi la magawo atatu a ufawo, natakasa mpaka phala liyambe kuwira. Alisiye liwire mphindi zisanu kapena zisanu ndi zitatu ali chivundikirire. Kenaka athire ufa wotsalawo pang'onopang'ono akuvundula, ndipo nsima ikalimba aivundikirenso mphindi ziwiri pa moto wochepa asanaomole. Akathira ufa wouma m'madzi owira kale, nsima imachita mibulu. Akafulumira kuvundula phala lisanapse, nsima imanunkha ufa, imamata m'manja ndipo ikazizira imasweka. Mbaula ya magetsi ili ndi khalidwe lakelake: sizizira msanga ngati mmene moto umachepera munthu akasolola chikuni. Choncho aichepetse phala likangoyamba kuwira, osadikira kuti amve fungo la kupserera.

Pa tsamba lomwelo alembepo za ufa. Ufa woyera wa kwathu umachokera ku mphale yokonola, yoviika m'madzi masiku angapo, yotsuka ndi kuyanika isanapite kuchigayo. Kuviikako ndi kumene kumaupatsa kafungo ndi kufewa kumene mwana akakulakelake. Ufa wa m'masitolo a ku South Africa, umene anzathu amautcha milimili, umagayidwa chimanga chili chouma, chosaviika. Nsima yake imamveka mosiyana, ndipo phala lake limafuna kuwira nthawi yotalikirapo. Asaganize kuti walephera kuphika. Wopita ku Mangalande achenjere ndi ufa wosalala kwambiri wotchedwa konifulawa. Dzina lake limanyenga, poti ndi sitachi wolimbitsira msuzi, ndipo nsima satuluka.

Tsamba lachiwiri likhale la masamu, pakuti ndi pamene pagona ndalama. Tiyerekeze mnyamata wadya nsima kawiri pa tsiku. Ndiye kuti amatha magalamu 300 a ufa pa tsiku, ndipo pa masiku 30 amatha makilogalamu 9. Thumba limodzi la makilogalamu 10 likumukwanira mwezi, ndipo muli nsima pafupifupi 66. Agawe mtengo wa thumbalo ndi 66, ndipo adziwa mtengo wa nsima imodzi. Achite chimodzimodzi ndi ndiwo. Pa sabata amadya nsima 14. Paketi ya nyemba zouma ya magalamu 500 imapereka ndiwo za nsima zisanu ndi imodzi. Masamba otendera atenge nsima zinayi, chitini chimodzi cha nsomba cha magalamu 400 chitenge ziwiri, mazira atenge ziwiri zotsalazo. Pa mwezi ndiye kuti agula mapaketi anayi a nyemba ndi zitini zinayi za nsomba, kuonjezapo mazira, masamba, tomato, anyezi, mafuta ndi mchere. Mwayi wake ndi woti ku South Africa ufa wa chimanga, nyemba zouma, mazira, masamba, mafuta ophikira ndi nsomba zazing'ono za m'chitini zili m'gulu la zakudya zosalipiritsa msonkho wa pa malonda. Wodya monga amadyera kwawo salipira msonkhowo pa zambiri zimene wagula. Akatero ayerekeze mtengo wa mbale yakeyo ndi wa nkhuku ndi tchipisi za pa msewu, ndipo aona yekha kumene ndalama za anzake zimathera mwezi usanafike pakati.

Nyemba zili ndi malamulo ake amene ayenera kulembedwa ndi inki yofiira. Aziviike usiku wonse, ataye madziwo, athire atsopano. Ziwire mwamphamvu kosachepera mphindi khumi, kenaka zipse pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena kupitirira, mpaka nyemba itanyenyeka pakati pa zala. Nyemba zofiira zosapsa bwino zili ndi ululu umene umasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ndipo kuwira kwamphamvu kuja ndiko kumaupha. Kuviika kumafupikitsa nthawi yophika, motero kumapulumutsa magetsi. Aphike paketi yonse kamodzi, theka asunge m'firiji kosapitirira masiku atatu, theka linalo aliumitse m'chipinda cha madzi oundana. Ngati alibe firiji, aphike theka la kapu lokha, la tsiku limenelo. Nyemba zikayamba kuchita thovu, kutelera kapena kununkha kusasa, azitaye, pakuti mtengo wa paketi ndi wochepa poyerekeza ndi masiku a sukulu otayika chifukwa cha matenda.

Tsamba lachitatu ndilo lothetsa kupukwa. Mwana akamati wasowa chakudya cha kwawo, kawirikawiri akunena ndiwo zotendera. Nsinjiro zikasowa, chiponde cha m'botolo chimagwira ntchito, koma awerenge pa botolopo ndi kusankha chopanda shuga, poti cha shuga chimasandutsa ndiwo kukhala phala la mwana. Masipuni awiri aakulu asungunule m'theka la kapu ya madzi ofunda. Masamba ayambe apsa ndi tomato ndi mchere, kenaka athiremo chipondecho, natakasa pa moto wochepa mphindi zisanu kuti chisagwire pansi. Masamba amene kumeneko amawatcha sipinachi amatulutsa madzi ambiri, choncho asawathire madzi ochuluka poyamba. Afunsenso amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu za morogo kapena imifino, maina a kumeneko a masamba a makolo, ndipo pakati pake akapezamo bonongwe. Safunsa anadya phula.

Mwanza ndi kwawo kwa manachesi, ndipo mayi aliyense angafune kuikira mwana wake ochepa m'chikwama. Akhale a panjira, athe asanafike pa chipata. Maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, salola zipatso zaziwisi, mbewu ndi nyama kulowa popanda chilolezo, poopa matenda a mbewu ndi a ziweto. Mthiko, kapu ndi kope palibe wozilanda.

Pempho lathu likupita kwa aphunzitsi a m'masekondale a m'boma la Mwanza. Mayeso a Folomu 4 asanafike, kapena akangotha, patulani masana awiri kapena atatu kuti ophunzira onse, anyamata ndi atsikana omwe, ayese ufa ndi kapu, aphike nsima ya munthu mmodzi, nawerengere chakudya cha mwezi ndi mitengo ya pa msika wa pa boma. Aphunzitsi a masamu ali ndi mafunso a kugawa ndi kuchulukitsa okonzeka kale pamenepa, ndipo a Chichewa angathandize ana kulemba maphikidwe m'mawu omveka. Mnyamata amene anakula akumva kuti kukhitchini n'kwa akazi ndi amene amavutika koposa akakhala yekha, chifukwa amayamba kuphunzira kuvundula ndalama zitatha kale. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira kalata yokuitanani, tikuti nthawi yodikirayi ndiyo yolembera kope lanu, amayi adakali pafupi kuti akukonzeni pamene mwalakwitsa muyeso.