Mapu a pa foni tiziwasunga tikali ku nyumba

Ambili a ife timakumbukila mapu a pa foni pamene tasocela kale. Timatsegula Google Maps tili pa mphambano ya kumudzi, foni ilibe netiweki, ndipo timaona kadontho ka buluu kali pakati pa malo oyela opanda mseu. Pamenepo timayamba kutukwana kampani ya mafoni. Ife tiona kuti mlandu waukulu ndi wathu. Mapu afunika kukonzedwa tikali ku nyumba, monga mmene timapopela tayala la sipeya tisananyamuke. Ndipo amene aitana mnzake ku malilo, ku cikwati kapena kukatula feteleza ku famu ali ndi udindo womutumizila malo eni-eni. Kungonena kuti "mukafika pa Sinda mukatume foni" sikukwanila.

Coyamba tifunika kumvetsa cifukwa cake kadontho kamaoneka koma mseu suoneka. Foni imadziwa pamene ili mwa kumvetsela masetilaiti a GPS, amene amazungulila dziko pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 20,000. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposapo imawelengela malo ake. Zimenezi sizifuna bando ya intaneti, sizifunanso simu ya Airtel, MTN kapena Zamtel. Cimene cimafuna intaneti ndi cithunzi ca mapu: miseu, maina a matauni ndi milatho. Foni imakoka zimenezi pang'ono-pang'ono pamene tiyenda. Netiweki ikadula, foni imadziwabe pamene ili, koma ilibe pepala lolembapo kadonthoko. Kucita daunilodi mapu ndiko kusunga pepalalo m'foni.

Titenge citsanzo ca munthu wocoka ku Lusaka kupita ku Mfuwe. Adzayenda mu Great East Road kupitila pa Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570. Akafika kumeneko adzatsikila ku cigwa makilomita ena pafupi-fupi 130. M'mapili a pakati pa Rufunsa ndi Nyimba netiweki imabwela ndi kupita, ndipo aliyense woyenda mseu umenewu amadziwa zimenezo.

Tsiku limodzi kapena awili asananyamuke, apeze Wi-Fi kapena agule bando yokwanila. Mu Google Maps adinize kacithunzi kake kamene kali pamwamba ca kumanja, asankhe Offline maps, ndiyeno Select your own map. Padzaoneka bokosi pamwamba pa mapu, ndipo zonse zimene zili mkati mwa bokosilo ndiye zidzasungidwa akadiniza Download. Pansi pake pamalembedwa kukula kwa mapuwo, conco adzadziwa ngati bando ndi malo a m'foni zikwanila. Foni ikakhala yodzala, angasankhe kusungila pa memole kadi m'masetingi a pamenepo, pa Storage preferences.

Apa ndiye pamene ambili amalakwitsa. Bokosi lili ndi malile a kukula kwake, ndipo mseu wa ku Chipata umayenda copendekela kum'mawa ndi kumpoto. Munthu akasunga Lusaka payekha ndi Chipata payekha, pakati pamatsala mpata. Pulogilamuyi imatsogolela popanda intaneti kokha ngati njila yonse ili mkati mwa mapu osungidwa. Conco apange mabokosi angapo olowana: loyamba kucokela ku Lusaka mpaka kupitilila Nyimba, laciwili kuyambila kumbuyo kwa Nyimba mpaka ku Chipata, lacitatu la Chipata ndi cigwa conse ca Mfuwe. Kulowana kwa mabokosi kudzadya bando pang'ono, koma kuli bwino kusiyana ndi kupeza mapu atathela pa phili.

Akatsiliza, ayese. Ife tiona kuti apa ndiye pofunika kuposa pena ponse, ndipo sipatenga mphindi zisanu. Aike foni pa Airplane mode, asiye Location yoyaka, atuluke panja pamene thambo lioneka. Alembe Katete, apemphe njila ya motoka. Mzele wa njila ukaoneka, mapu alimo. Alembenso Nyimba ndi Mfuwe, aone ngati mzele ufika popanda kudukila. Foni ikakana, ndiye kuti pali mpata kapena daunilodi sinathe. Kadontho kakacedwa kukhazikika asade nkhawa. Popanda netiweki foni imasakila masetilaiti yokha, ndipo zingatenge mphindi zingapo, maka-maka m'nyumba ya malata. Mapu osungidwa amakhalanso ndi tsiku lothela, lolembedwa pansi pa dzina lake. Amene anasunga caka catha afunika kuyang'ana tsikulo ndi kudiniza Update.

Sitikhulupilila kuti pulogilamu imodzi ikwanila. Google Maps ikakhala popanda intaneti imapeleka njila ya motoka cabe. Siipeleka ya oyenda pansi kapena pa njinga, ndipo zithunzi za setilaiti zoonetsa madenga ndi minda sizisungidwa. Pali mapulogilamu ena, monga Organic Maps ndi OsmAnd, amene amatenga mapu ku OpenStreetMap, kumene anthu odzipeleka amalemba miseu ndi tinjila. M'menemo munthu amasunga mapu a Zambia kamodzi, popanda kuvutika ndi mabokosi. M'madela ena akumidzi mapu amenewa amaonetsa tinjila tumene Google ilibe, ndipo kwina Google ndiye imadziwa bwino mashopu ndi mafiling'i sitesheni. Tikhale nawo onse awili. Akagwilizana pa njila, mtima umakhala pansi. Akasiyana, cimeneco ndi cizindikilo cakuti tiime ndi kufunsa anthu.

Mapu angatifikitse ku Sinda, koma mudzi wa agogo nthawi zambili sunalembedwe, kapena pali midzi itatu ya dzina limodzi-modzi. Cothandiza ndi manambala a malo. Wacibale amene ali kumudziko aimilile pabwalo la nyumba, atsegule mapu, adinize nthawi yaitali pa kadontho kake, ndipo manambala awili adzaoneka. Popeza GPS siifuna netiweki, angacite zimenezi pakhomo pomwepo, n'kukatumiza manambalawo pa meseji akakwela kaculu kamene anthu amatumilapo foni. Wolandila awalembe m'bokosi losakila akali ku tauni, ndi kusunga pini yake m'mapulogilamu onse awili. Live location ya pa WhatsApp tisaidalile pa ulendo wotele, cifukwa imaima netiweki ikangodula.

Manambalawa afuna kusamala. A tauni ya Chipata ali pafupi ndi awa:

```
-13.64, 32.65
```

Kamzele kali kutsogolo kwa 13 kamatanthauza kuti tili kum'mwela kwa ikweta. Mukakasiya, pini idzagwela ku Sudan. Mukasinthanitsa manambala awiliwo, idzagwela m'nyanja ya Atlantic. Ndiponso manambala awili cabe pambuyo pa kadontho, monga mmene talembela pamwambapa, angakuphonyetseni ndi kilomita yathunthu. Pa nyumba ya munthu lembani onse monga mmene aonekela pa foni.

Za ciwailesi ca m'motoka tikambeko mwacidule. Mamotoka ambili ocokela ku Japan amabwela ndi sikilini yokhala ndi mapu a ku Japan, ndipo mapu amenewo sathandiza kuno. Wailesi ya Android yoikidwa pambuyo pake ili ngati foni ina payokha. Mapu a m'foni yanu salowamo okha, conco muilumikize ku Wi-Fi kapena ku hotisipoti, musunge mapu m'menemo, ndi kuyesa mutazimitsa intaneti. Kadontho kakamalumpha-lumpha, yang'anani ka eliyo ka GPS, cifukwa amakanika ena amakabisa pansi pa zitsulo za dashibodi. Koma ngati museŵenzetsa Android Auto kapena CarPlay, sikilini imangoonetsa mapu a m'foni, ndipo osungidwa m'foniwo ndiye agwila nchito. Musaiwale caja ya m'motoka, ndipo foni isakhale pa dzuwa la pa windisikilini, cifukwa ikatentha kwambili imaleka kucaja.

Ena adzatitsutsa kuti makolo athu anafika kulikonse ndi pakamwa, ndipo safunsa anadya phula. Tigwilizana nawo pa mbali yaikulu, ndipo ulendo wa ku Mfuwe womwewu uonetsa cifukwa cake. Kucokela ku Petauke kuli mseu wakale wa dothi umene umadulila kupita ku cigwa. Pa sikilini umaoneka waufupi kwambili poyelekezela ndi makilomita pafupi-fupi 300 a tala ozungulila ku Chipata, ndipo pulogilamu ingausankhe. Koma mapu sadziwa kuti dzulo kunagwa mvula, kapena kuti mtsinje wadzala. Umenewo ndi mseu wa mamotoka amphamvu m'cilimwe. Woloŵamo ndi ka motoka kotsika mu Febuluwale angagone m'thengo ndi ana, pa malo opanda netiweki yoitanila thandizo. Organic Maps ili ndi posankha kupewa miseu yopanda tala, Google Maps ilibe, koma ngakhale posankhapo pamadalila zimene wolemba mapu analemba kale. Za mseu wa lelo amadziwa ndi madalaivala a pa sitesheni ndi anyamata a mahonda.

Komabe kufunsa kuli ndi malile ake. Usiku wa 22 koloko pa mphambano ya m'thengo palibe womufunsa. Mlendo amene sadziwa Cinsenga angamve molakwika, ndipo "ni pafupi apa" ya munthu wa kumudzi ingakhale makilomita 15. Mayi woyendetsa motoka ali yekha sangaime pali ponse. Pa nthawi zotelezo mapu osungidwa amayankha funso limodzi limene munthu wosocela amafuna kwambili: ndili pati, ndipo mseu waukulu uli mbali iti?

Conco tipempha kuti cizoloŵezi cathu cisinthe. Woitana atumize manambala a malo pamodzi ndi mau a za mseu, monga akuti "musadzele ku dambo, mlatho unakokoloka". Woyenda asunge mapu, awayese pa Airplane mode, ndipo akaona mzele wa buluu ucoka pa tala kuloŵa m'dothi, aime afunse asanakhote. Mabungwe ndi eni mathilaki amene amatuma madalaivala kumidzi aone zimenezi monga mbali ya kukonzekela ulendo, pamodzi ndi mafuta ndi madzi a mu injini. Bando ya tsiku limodzi ndi yochipa kusiyana ndi mafuta a makilomita 40 obwelela m'mbuyo.