“Zija zalowa bwana” si lisiti

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m’manja mwanga, lero ndili ndi mlandu ndi mawu awiri: “Zija zalowa.” Mawu amenewa akudyetsa anthu chipongwe kuno ku Chilobwe. Telala amawalemba, wowotcherera amawalemba, mayi woperekera nkhuku ku malesitilanti a ku Limbe amawalembanso. Kasitomala akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, yankho limakhala lomweli, ndipo aliyense amagona mtima uli m’malo. Pakatha miyezi iwiri mkangano wabuka. Zija ziti? Zinali zingati? Zatsala zingati? Palibe amene angaloze pamene zinalembedwa.

Ine ndikuti uthenga wotere si lisiti, ndipo amene amati kulemba bwino nkhani za ndalama ndi kusakhulupirirana akunamiza ana athu. Ndikutinso kukonza uthenga wotere sikutanthauza kuuveka Chingerezi chapamwamba. Kumatanthauza kuyankha mafunso amene munthu wachitatu, amene panalibe, angafunse.

Tiyerekeze motere. Telala wina wa pamsika wa Chilobwe wapeza oda kusukulu ina yapulaiveti: malaya 40 pa K9,000 limodzi, ndi masiketi 25 pa K12,000 imodzi. Malaya akukwana K360,000, masiketi K300,000, zonse pamodzi K660,000. Sukulu yatumiza K300,000 yogulira nsalu. Telala wayankha pa WhatsApp: “Zija zalowa bwana, Ambuye akudalitseni.”

Taonani msampha wake. K300,000 ndi mtengo wa masiketi onse ndendende. Mawa ahedi akhoza kunena kuti analipira masiketi n’kumaliza, ndiye awatenge onse, za malaya tikambirana. Telala iye akudziwa kuti inali dipoziti ya oda yonse. Onse awiri sakunama, koma uthenga uja suthandiza aliyense. Ndipo ahediwo akasamuka, wolowa m’malo mwawo apeza chiyani m’faelo? Madalitso okha.

Chiyambi cha nzeru pano n’kudziwa kuti mapepala alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi mneni wake. Kotesheni imati “ndidzachita pa mtengo wakuti.” Invoisi imati “ndachita, mundilipire.” Lisiti imati “ndalandira.” Anthu ambiri amagula buku limodzi m’tauni n’kumalembamo zonse zitatu, mwina kupereka lisiti ya mtengo wonse ndalama zisanabwere chifukwa “akuofesi akufuna pepala kuti atulutse cheke.” Ameneyo wasaina yekha kuti alibe ngongole ndi munthu. Pepala limene akuofesi amafuna asanalipire ndi invoisi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo lisiti imalembedwa ya fodya ameneyo basi.

Ndiye uthenga uja wa telala uyenera kuoneka chonchi, pansi pa dzina la shopu, malo ake ndi nambala ya foni:

Lisiti nambala 014. Tsiku: 18 Ogasiti 2025.
Ndalandira kuchokera ku (dzina la sukulu) ndalama zokwana K300,000 kudzera pa Airtel Money, nambala ya uthenga (yakuti).
Iyi ndi dipoziti ya oda ya malaya 40 ndi masiketi 25, ya mtengo wa K660,000.
Zotsala: K360,000, zolipira tsiku lopereka katundu.
Wolandira: (dzina ndi siginecha).

Mizere isanu yokha. Madalitso mukhoza kuwonjezera pansi, palibe choletsa. Koma mzere umene ndingamenyere nkhondo ndi wa “zotsala”. Lisiti ya ndalama yapang’ono yopanda mzere umenewu ili ngati lipoti la kusukulu lonena kuti mwana wapeza 45 osanena kuti pa zingati. Ndipo chidindo chija chonena kuti zalipiridwa chisagwe pa pepala lililonse kufikira zotsalazo zitafika pa ziro. Papepala lenilenilo ndalama muzilemba kawiri, m’manambala ndi m’mawu, chifukwa kuwonjezera ziro pa K30,000 n’kosavuta koma kusintha mawu kumaoneka.

Wina ati, “Aphunzitsi, uthenga wa kampani ya foni uja si umboni wokwanira?” Ndi umboni woti ndalama inachoka pa nambala ina kupita pa nambala ina. Sunena kuti inali ya chiyani. Kawirikawiri dzina limene limatuluka ndi la ejenti, kapena la mkazi wa kasitomala, kapena la mphunzitsi amene anangotumidwa. Mwinanso wotumiza anaikapo kena kotapira, ndiye yalowa K305,000. Lembani poyera kuti K300,000 ndi ya oda, K5,000 ndi yotapira, apo ayi pamapeto K5,000 imeneyo idzachotsedwa pa ngongole. Komanso musalembe lisiti chifukwa cha chithunzi cha uthenga chimene kasitomala wakutumizirani. Mauthenga abodza alipo, ndipo ambiri amadziwika chifukwa amachokera pa nambala wamba m’malo mwa dzina la kampani. Onani balansi yanu kaye.

Tsopano katundu waperekedwa pa 8 Sepitembala. Apa mpamene invoisi imalowa. Ikhale ndi nambala yake, tinene 009, tsiku, dzina la sukulu, ndi katundu mzere ndi mzere: malaya 40 pa K9,000, K360,000, masiketi 25 pa K12,000, K300,000, zonse K660,000, kuchotsa dipoziti ya pa lisiti 014, K300,000, zofunika kulipira K360,000. Pansi pake palembedwe tsiku lenileni lomaliza kulipira, 22 Sepitembala 2025, ndi kumene ndalama ipite. “Kumapeto kwa mwezi” si tsiku. Tonse tikudziwa kuti mwezi wa munthu wangongole sutha. Wolandira katundu asaine kuti wawerenga ndipo wakwana, chifukwa nyimbo ya “malaya analipo 38” imayamba tsiku lolipira.

Sukulu yapereka K200,000 pamanja pa 20 Sepitembala. Lisiti nambala ina, yotchula invoisi 009, zotsala K160,000. Kenako zii. Apa mpamene ana athu amagwa kwambiri. Uthenga wokumbutsa umene ndimauona kawirikawiri ndi wotere: “Bwana mwatiiwalatu. Kuno zinthu sizili bwino, landilodi wavuta, mwana amuthamangitsa fizi. Tipangireniko kenakake.”

Ndiwerenga zimenezi mtima umandipweteka. Munthu wasoka usiku ndi usana, ndalama ndi yake, koma akulemba ngati wopempha chithandizo. Ukapempha “kenakake” umalandira kenakake, K20,000, ndipo uyenera kuthokoza. Mavuto a pakhomo pako si chifukwa chimene sukulu iyenera kulipirira. Chifukwa chake ndi malaya amene ana avala kale. Uthengawo ukonzedwe motere:

“Mwaswera bwanji ahedi. Ndikukumbutsa za invoisi 009 ya pa 8 Sepitembala ya K660,000. Mwalipirapo K500,000 (malisiti 014 ndi 017). Zatsala K160,000, zimene tsiku lake linali 22 Sepitembala. Chonde mutumize pofika Lachisanu pa 3 Okutobala pa nambala iyi. Ngati mabuku anu akusonyeza zosiyana, ndidziwitseni kuti tifananitse. Zikomo.”

Mulibe chipongwe, mulibe kulira. Chiganizo chomaliza chija n’chanzeru: chimapatsa munthu khomo lotulukira popanda manyazi, ndipo akayankha kuti “tamva, tilipira sabata yamawa,” wavomera ngongoleyo ndi kukula kwake ndi dzanja lake. Sungani yankho limenelo. Lamulo la dziko lino la 2016 la zochitika pa makina ndi pa intaneti limazindikira mauthenga otere ngati umboni, koma majisitireti angachite nawo chiyani uthenga woti “zija”? Lachisanu likadutsa, uthenga wachiwiri ubwereze manambala omwewo, utchule tsiku lomaliza ndi chimene mudzachite. Musawopseze ndi chimene simungachite, ndipo musaike chiwongoladzanja chimene simunagwirizane poyamba. Kulemba dzina la munthu pa sitetasi kuti “wakuba” kungakusandutseni inu woyankha mlandu.

Tsopano kwa gulu lina, la ophunzira kwambiri. Awa amamva kuti pepala liyenera kuoneka “laukadaulo”, ndiye amakopera fomu ya pa intaneti yodzaza ndi Chingerezi chimene iwo eni sangamasulire, mutu wake Tax Invoice, pansi pali mzere wa VAT. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Msonkho wa VAT amatolera ndi okhawo amene analembetsa ku MRA kuti azitolera. Kukhala ndi TPIN pakokha si chilolezo chimenecho. Ngati simunalembetse, fufutani mzerewo ndi mutuwo, lembani kuti invoisi basi. Kasitomala wa kampani akadzapita ndi pepala lanu kukafuna kubwezeredwa msonkho umene inu simunapereke, Msonkho House mudzaidziwa m’kati. Chilankhulo nacho chikhale chimene nonse awiri mumamva. Lisiti ya Chichewa yokhala ndi manambala olondola imaposa ya Chingerezi imene ili ndi chidindo chokongola koma yopanda tsiku.

Nanga zoti kulemba kumawononga chibale? Ine ndaona zosiyana. Anthu amene anasiya kupatsana moni kutchalitchi chifukwa cha ngongole ndi aja amene “anakhulupirirana” osalemba. Wina amakumbukira K50,000, wina K35,000, ndipo aliyense amaona mnzake ngati wakuba. Pepala limachotsa mlandu pakati pa anthu awiri n’kuuika pa manambala. Limatetezanso mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalonjeza mtengo pakamwa anasoka ndi nsalu yodula pa mtengo wakale. Mzere umodzi pa kotesheni, woti “mtengowu ugwira ntchito masiku 14,” ukanawapulumutsa.

Buku likhale la kaboni, manambala otsatizana, tsamba lolakwika lisang’ambidwe koma lidulidwe mzere n’kusiyidwa momwemo. Ndipo tsamba lililonse lijambulidwe n’kutumizidwa kwa kasitomala pafoni. Ife a ku Chilobwe, amene tinaona zimene madzi ndi matope ochokera m’phiri la Soche anachita mu Malichi 2023, sitifunika kuuzidwa kuti pepala limodzi losungidwa m’nyumba likhoza kupita usiku umodzi.

Mlandu womaliza ndi wathu, aphunzitsi. Timatha masabata tikuphunzitsa kalata yantchito, keyala kumanja, keyala kumanzere, kukonzekera mayeso a MANEB. Koma mwa ana amene amatuluka Folomu 4, ndi angati amalemba kalata yofunsira ntchito n’kuyankhidwa? Ambiri akupita ku geni, ndipo ngati sanatenge phunziro la zamalonda amatuluka asanalembepo lisiti ngakhale imodzi. Piriyodi imodzi ndi yokwanira. Lembani pabolodi “Zija zalowa bwana,” apatseni manambala a telala uja, ndipo muwauze kuti alembe chimene mlendo angawerenge n’kudziwa amene walipira, zingati, za chiyani, liti, ndi zimene zatsala. Amene waiwala zotsala abwereze.