Lamulungu madzulo mtima ukamagunda, werengani maola

Pa Muloza, Lamulungu limatha msanga. Dzuwa likangopendeka, macheza amazilala: wina akusita malaya, wina akutchera alamu pa foni, koma mtima uli phaphapha ngati wapalamula. Ambiri timangoti ndi ulesi, mawa zitha. Ine ndikuti ayi. Mantha amenewa nthawi zambiri amanena zoona za ntchito yathu, bola tiwafunse bwino.

Funso ndi limodzi: kodi chikukuopsani n'chiyani kwenikweni? Ngati ndi kudzuka m'mamawa chabe, ndipo pofika 9 koloko Lolemba mwaiwala, kumeneko ndi kutopa wamba. Koma ngati mantha anu ali ndi nkhope, monga ya kapitawo wa ku esiteti ya tiyi amene amakalipa pa sikelo, kapena ali ndi nambala, monga maola osatha, vuto si inuyo. Vuto lili ku ntchitoko.

Tiyerekeze mtsikana wogulitsa mu shopu pa Limbuli. Amatsegula 7 koloko m'mawa, kutseka 6 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, poti makasitomala ochokera ku Milange sasankha nthawi. Tikachotsa ola limodzi la nkhomaliro, akugwira maola 10 pa tsiku, 60 pa sabata. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata. Ndiye kuti maola 12 ndi ovataimu, ndipo ola lililonse la ovataimu ya masiku wamba liyenera kulipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Sabata iliyonse bwana akumudyera malipiro a maola 18. Lamulungu lake limathera kuchapa ndi kutunga madzi. Nanga thupi lotere lingasekerere bwanji Lolemba?

Ena anena kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ntchito zikusowa, ungopirira. N'zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti mawa akasiye ntchito. Koma kupirira si kutseka maso. Kwa mwezi umodzi, lembani mu foni nthawi yolowa ndi yoweruka tsiku lililonse, musunge mameseji a abwana ndi umboni wa malipiro. Funsani anzanu ngati nawonso Lamulungu sagona. Mukapezeka atatu kapena anayi, ndiye kuti nthendayo ndi ya pamalopo. Pitani pamodzi kwa abwana muli ndi manambala m'manja. Akakana, ofesi ya zantchito ya boma ilipo, ndipo pamwamba pake pali khoti loona milandu ya pantchito.

Nanu mabwana, musadabwe kuti anyamata sakhalitsa. Munthu amene amaopa Lolemba amayamba kufunafuna kwina akadali pa kauntala yanu, ndipo tsiku lina adzachoka osatsanzika, mwezi uli pakati.