Dzina lokha likafika pafoni

Munthu akagogoda pakhomo usiku, sititsegula msanga, komanso sitikhala chete. Timafunsa kuti, “Ndani?” Pafoni ambirife timaiwala mwambo umenewu.

Mwezi wathawu mayi wina amene timayandikana nyumba kuno ku Mangochi, wogulitsa usipa pamsika, anabwera kwathu foni ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Anali atalandira uthenga kuchokera ku nambala yachilendo yoyamba ndi +27, kutanthauza ku Joni. Mu uthengamo munalibe moni kapena funso, munali dzina lokha la mwana wawo wachisamba amene anapita kukagwira ntchito kumeneko.

Uthenga wotere ungatanthauze zinthu zitatu. Mwina wolembayo akudzitchula yekha kuti musunge nambala yake yatsopano. Mwina ndi munthu wina amene ali ndi nkhani yokhudza mwini dzinalo, ndipo akufuna adziwe kaye ngati wapeza banja loyenera, pakuti nkhani ya matenda kapena maliro sitiiponya chiponyeponye. Koma mwinanso ndi wakuba amene waponya mbedza, akudikira kuti nkhani yonse muipereke nokha.

Mayiwo anali atalemba kale yankho, kungoti anali asanatumize: “Ndiwe mwanangu? Bwanji zii chichokere ku Cape Town? Ndalama za malata zija bwanji?” Ndinawapempha kuti afufute. M'mizere itatuyo akanauza mlendo kuti iwo ndi mayi ake, kumene mwanayo amakhala, kuti sanalankhulane kwa kanthawi, ndiponso kuti pakati pawo pamayenda ndalama. Wakuba safuna zoposa pamenepa.

Tinalemba chonchi: “Moni. Ndalandira uthenga wanu. Kodi ndikulankhula ndi ndani, ndipo nkhani ndi yotani?” Yankho ili ndi laulemu moti wachibale sangakhumudwe nalo, koma siliulula kanthu. Silivomera n'komwe kuti dzinalo mukulidziwa.

Patapita mphindi zochepa yankho linabwera. Munthuyo anati ndi mnzake wa mwanayo, kuti mwanayo wagwidwa ndi apolisi chifukwa cha mapepala, ndipo pakufunika K150,000 lisanalowe dzuwa. Ndalamazo anati zitumizidwe pa nambala yoyamba ndi 099.

Apa panali zizindikiro zitatu. Sanatchule dzina lake ngakhale tinamufunsa. Anaika changu kuti mayiwo asapeze mpata wofunsa ena. Ndipo munthu ali ku Joni, koma ndalama azilandira pa nambala ya Airtel ya kuno kumudzi. Titapempha kuti tilankhule ndi mwanayo, anati foni amulanda.

Sitinalimbane naye. Tinaimbira apongozi awo, mkazi wa mwanayo, amene amakhala ku Namwera. Iwo anati alankhula naye m'mawa womwewo pa nambala yake yakale, ali kuntchito bwinobwino. Njira yotsimikizira ndi imeneyi: funsani kudzera pa nambala imene mukuidziwa kale, osati imene mlendo wakupatsani.

Ena amadalira kuona dzina la mwini nambala. Mukayamba kutumiza ndalama pa Airtel Money (*211#) kapena pa Mpamba (*444#), dzina limaoneka musanalembe nambala yanu yachinsinsi, ndipo mungathe kulekera pomwepo. Izi zimathandiza, chifukwa kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Koma akuba amagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'maina a anthu ena. N'chifukwa chake amakonda kukuchenjezeranitu kuti patuluka dzina lina, musadabwe. Mukamva mawu amenewo, dabwani ndithu.

Mwina wina anena kuti, bwanji osangousiya uthengawo osayankha? Ayi. Chaka chatha ine ndinalandira dzina lokha la malume anga a ku Makanjira kuchokera ku nambala yoyamba ndi +258, ya ku Mozambique. Nditafunsa funso lomwe lija, wolembayo anadzitchula, anatchula mudzi wake, nanena kuti malumewo adwala ali paulendo ndipo akufuna wina wa kubanja akawachingamire ku Chiponde. Sanapemphe ndalama. Anali munthu wosazolowera kulemba Chichewa, ndipo mayunitsi anali ochepa. Atawapatsa foni malumewo, mawu ndinawazindikira. Ndikanakhala chete, akanavutika okha pamalire.

Choncho dzina lokha silikuuzani ngati wabwerayo ndi mbale kapena mbala. Chimene chimasiyanitsa ndi uthenga wachiwiri. Woona amadzitchula, amafotokoza, ndipo amalola kuti mumve mawu a munthu wanuyo. Wabodza amazemba funso n'kuthamangira ku ndalama.

Madzulo ano khalani pansi ndi agogo ndi ana amene ali ndi foni, muwalembere funso lija papepala, alisunge pafupi. Mayi aja analimata kuseri kwa foni yawo.