ZA MMISIRI WA MADZI: Pampu Yosagona Tulo

Sabata latha ndinaitanidwa ku nyumba ina yogona alendo cha ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, kuti ndikaone pampu ya madzi yomwe inapsa. Inali yachiwiri kupsa m'chaka chimodzi, ndipo mwini nyumba anali atagamula kale mlandu, nati mapampu a masiku ano ndi achabe. Koma mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, anandiitanira pambali nati, "Bambo, pampu imeneyi sinkagona tulo. Alendo akayamba kusamba, m'kabokosi kaja munkangomveka tha! tha! tha! ngati munthu akuthyola nkhuni." Mau a mlondayo ndi amene anandionetsa pamene panali nthenda.

Awerengi a kuno akudziwa kuti madzi a m'mipopi ya mu mzinda uno amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo amagawidwa ndi a Northern Region Water Board. Popeza Mzuzu ndi malo a zitunda ndi zigwa, eni nyumba zazikulu ambiri amasunga madzi m'mathanki awiri. Madzi a mpopi amagwera m'thanki ya pansi, ndipo pampu imawakweza kunka m'thanki ya pa nsanja. Chomwechonso ku midzi kumene akomiti ali ndi pampu ya pa chitsime ndi thanki yake. Tsono funso ndi ili: ndani auze pampu kuti yaka, ndipo ndani aiuze kuti zima?

Pa nyumba ija ntchitoyi anaipatsa kafuloti kakang'ono kokwera ndi kutsika pa kamtengo. Madzi akafika pamwamba, kafuloti kamadula moto. Madzi akatsika pang'ono pokha, monga sentimita imodzi, kamabwezanso moto. Poyatsira ndi pozimitsira panali ngati pamodzi. Ndiponso anakamangirira pansi penipeni pa paipi yolowetsa madzi, pamene madzi amagavira.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti masamu ake ndi apafupi. Thanki ya pa nsanjayo ndi ya malita 5,000, yotalika ngati mamita awiri, ndipo sentimita imodzi ya kuya kwake imatenga malita ngati 25. Pampu imathira malita 40 pa mphindi. Tinene kuti alendo akusamba ndi kuchapa, ndipo akutsitsa malita 20 pa mphindi. Madzi adzatsika sentimita imodzi ija m'mphindi imodzi ndi kanthu, pampu niyaka. Ikayaka ikuthira 40 pamene anthu akutenga 20, choncho thanki ikupindula 20, ndipo m'mphindi imodzi ndi kanthu yadzazanso, pampu nizima. Ulendo wonse watenga mphindi ziwiri ndi theka. Pa ola limodzi pampu yayaka ka 24. Onjezanipo mafunde a madzi ogwa m'paipi, amene amakweza ndi kutsitsa kafuloti kangapo asanakhazikike, ndipo mwamva kumene kunkachokera tha! tha! wa mlonda uja.

Ena adzafunsa kuti, nanga kuyaka kawirikawiri kulakwa chiyani, popeza madzi okwezedwa ndi omwewo? Kulakwa kwake kuli pa kudzuka kwa mota. Mota ikamadzuka imakoka moto wochuluka kasanu kapena kupitirira kuposa umene imadya ikamayenda bwinobwino, monga momwe ng'ombe zimavutikira pozula ngolo poyamba, koma ikagubuduka zimangoyenda. Moto wochulukawo umatenthetsa mawaya a mkati. Mota ikayenda nthawi yaitali, chimphepo chake chimaiziziritsa. Koma ikadzutsidwa, kuzimitsidwa, kudzutsidwanso, kutentha kumangounjikana kufikira utoto wokuta mawayawo utapserera. Mano a kontakita, chija chimalira m'kabokosi, amalakatika moto nthawi iliyonse chikatseguka, ndipo amada ndi kudyeka, mwinanso kumatirirana osalekananso; pamenepo pampu sizimanso konse, thanki nisefukira usiku wonse. Nchifukwa chake opanga mapampu amalemba m'kabuku kake kuti pampuyo iloledwe kuyaka kangati pa ola. Kabuku kameneka anthu amakataya pamodzi ndi katoni, ndipo ndi kulakwa kwakukulu.

Mankhwala ake ndi kusiya mpata. Pozimitsira pakhale pamwamba, poyatsira pakhale pansi ndithu, ndipo madzi akakhala pakati pa malo awiriwa pampu ipitirize chimene inali kuchita: ngati inali kuyenda iziyendabe, ngati inali chete ikhalebe chete. Amisiri a sukulu amautcha mpatawu hisiteresisi, koma mai aliyense wotunga madzi amaudziwa. Sabwerera ku chitsime chifukwa mwana wamwa chikho chimodzi. Amadikira mtsuko utsike, ndipo akapita amakadzaza.

Pa nyumba ija ndinachotsa kafuloti kaja ndi kuikapo fuloti ya chingwe. Imeneyi ili ngati chikho chotsekeka cholendewera ku waya wokutidwa bwino, ndipo mkati mwake muli kampira kachitsulo. Chikho chikaweramira pansi, kampira kamagubuduka ndi kuyatsa. Chikadzuka kuloza kumwamba, kampira kamabwerera ndi kuzimitsa. Pa chingwecho pamakhala chitsulo kapena pulasitiki yolemera, ndipo apa ndi pamene pali nzeru yonse. Chingwe chotsala pakati pa cholemeracho ndi chikho chikatalika, mpata umakula. Chikafupika, mpata umachepa. Musakhulupirire maso okha. Dzazani thanki, lembani ndi choko kunja kwake pamene pampu yazimira, tsegulani mipopi, ndipo lembaninso pamene yayakira. Ine ndinasuntha cholemeracho katatu ndisanapeze masentimita 50. Onetsetsaninso kuti chikho chili kutali ndi paipi yolowetsa madzi, ndi kuti sichingakole pa khoma kapena pa paipi ina pozungulira.

Tsopano werenganinso. Masentimita 50 ndi malita 1,250. Anthu akamatenga malita 20 pa mphindi, padzapita ola lathunthu pampu isanayake, ndi ola linanso ikudzaza. Pampu yomwe inkayaka ka 24 pa ola tsopano ikuyaka kamodzi pa maola awiri.

Pano wina adzati, ngati mpata waukulu ndi wabwino, bwanji osaukuza kufikira pansi pa thanki? Iai, abale. Magetsi amathima osatsanzika. Ngati mwauza pampu kuti idikire kufikira thanki itatsala pang'ono kuuma, tsiku lina magetsi adzathima pa nthawi yomweyo, ndipo mudzakhala ndi nsanja yokongola yopanda madzi. Ndi mpata wa masentimita 50, ngakhale tsoka likugwereni pa nthawi yoipitsitsa, m'thanki mudzakhala mutatsala malita oposa 3,000. Ine ndimakonda mpata wa gawo limodzi mwa magawo anai a thanki, kapena limodzi mwa atatu. Kumene pampu imayendera mphamvu ya dzuwa ndimauchepetsako, kuti dzuwa lisalowe thanki ili theka.

Masiku ano kwabweranso kachipangizo kena kosakhudza madzi konse, kotchedwa sensa ya alutirasoniki. Amakamangirira pa chivundikiro cha thanki kuyang'ana pansi. Kamaponya kamau kosamveka ku khutu la munthu, monga achitira mleme, ndipo kamawerenga nthawi imene kamauko katenga kugunda madzi ndi kubwerera. Ubwino wake ndi wakuti mpata simuufuna ndi chingwe. Mumangolemba manambala awiri m'kabokosi kake. Ndiponso kamakuuzani madzi otsala popanda kukwera nsanja.

Koma chenjerani pa zinthu zingapo. Choyamba, sensa imayeza kuchokera pamwamba. Nambala ikakula ndiye kuti madzi atsika. Pa thanki yonga ija mungalembe kuti pampu izime madzi akafika masentimita 35 kuchokera pa sensa, ndipo iyake akafika 85. Mmisiri akasinthanitsa manambalawa, pampu imayaka thanki itadzaza. Chachiwiri, sensa ndi yakhungu pafupi ndi nkhope yake. Zambiri za m'mathanki otere siziona bwino madzi akayandikira kuposa masentimita 25 kapena 30, ndipo zimanena bodza pa nthawi imene choonadi chikufunika koposa. Choncho pozimitsira pakhale pansi pa malo akhunguwo.

Chachitatu chikukhudza ife a kuno makamaka. Liwiro la mau m'mpweya limasintha ndi kutentha. M'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu cha Mzuzu chitagwira, mpweya wa m'thanki ungakhale pa madigiri 10, ndipo mau amathamanga mamita ngati 337 pa sekondi. Masana a mu Okutobala, thanki yakuda itaotha dzuwa, mpweyawo ungafike madigiri 40, ndipo mau amathamanga mamita ngati 355. Sensa yosadziwa kukonza za kutentha idzasiyana ndi masentimita asanu pa mita imodzi, madzi ali pomwepo. Onani tsono kuti munthu wolemba mpata wa masentimita awiri pa sensa yotere wangobweza nthenda ija ndi ndalama zambiri. Usiku wozizira nthunzi imasanduka madontho pa nkhope ya sensa, ndipo kangaude nayenso amakonda kumanga pomwepo, zonsezi zimasokoneza. Nchifukwa chake mmisiri aike kabokosi kuti kasamvere nambala imodzi yodzidzimukira, koma kadikire masekondi khumi nambala ili yomweyo. Ndipo sensa ikasowa yankho, pampu izime, isayake.

Kunena zoona, pa thanki ya pa nyumba kapena ya komiti ya m'mudzi, ine ndimasankha fuloti ya chingwe. Ndi yotsika mtengo, siopa nthunzi, ndipo ikafa munthu wamba amaona ndi maso kuti chikho chalowa madzi. Kumene ndaika sensa, ndimaikanso fuloti imodzi pamwamba pake yodula moto sensa ikanama.

Musaiwale thanki ya pansi. Madzi a mpopi akaleka kubwera, pampu idzapopa mpweya, ndipo pampu youma imaonongeka msanga. M'menemo muikenso fuloti ina, yolumikizidwa mosemphana ndi ya pamwamba, yoletsa pampu madzi akachepa. Nayonso ikhale ndi mpata wake, kuti isamadzutse pampu ndi timadzi toyamba kudontha. Mawaya a fuloti amakhala atatu kawirikawiri, ndipo mitundu yake imasiyana malinga ndi wopanga, choncho ayesedwe ndi mita asanalumikizidwe. Zolumikiza magetsi zisiyireni mmisiri wa magetsi wa chiphaso, ndipo mfundo ya waya isakhale m'madzi kapena m'kati mwa thanki.

Ndisanachoke pa nyumba ija ndinapatsa mlonda pensulo ndi kapepala, kuti azilemba kamzere nthawi iliyonse pampu ikayaka. Ndinamuuzanso kuti akaimva ikuyaka pakati pa usiku, anthu onse ali mtulo, asaimbe mlandu fuloti, koma m'mawa akayendere zimbudzi ndi mipopi, pakuti pena pake pakudontha. Dzana anandionetsa kapepalako. Usiku wathunthu, kuyambira madzulo kufikira tambala woyamba, panali timizere tiwiri.